Machaji a ku banki akundidyera salale, nditani?

*"Ine ndine mphunzitsi wa pulayimale kuno ku Ntcheu. Salale yanga imalowa K310,000 akadula zodula, koma mwezi uliwonse ndikawerengera zomwe ndatapa ndi zomwe ndatumiza, pamasowa ndalama pafupifupi K15,000 zomwe sindikudziwa komwe zapita. Ndakutumizirani sitetimenti ya mwezi watha. Kodi a banki akundibera kapena ndi ine amene sindikumvetsa? Ndipo nditani kuti zichepe?"*

Aphunzitsi, sitetimenti yanu ndaiona mzere ndi mzere ndipo ndalama zomwe mukuzisakazo zonse zilipo papepalapo, zakwana K15,050. Palibe yomwe yasowa mwamatsenga ayi, zonse ndi machaji, kungoti amalembedwa m'timizere ting'onoting'ono tachingerezi chodula-dula tomwe munthu umangotilumpha maso ali pa balansi ya pansi. Ine ndinakhalapo kuseri kwa kauntala kwa zaka zingapo ndithu, nde ndikuuzeni chinthu chimodzi chomwe anthu ambiri amabwera atakwiya nacho koma atachiloza molakwika. Aliyense amakwiyira chaji ya pamwezi ija, poti ndi imene imaoneka ngati yakuba, munthu sunachite kanthu koma adula. Koma pa K15,050 yanuyo, zodulidwa mwezi ndi mwezi popanda inu kuchita kanthu ndi K4,500 yokha. K10,550 yotsalayo yatuluka chifukwa akauntiyi munaigwira ka 17 pa mwezi umodzi, ndipo nthawi zambiri munaigwirira pakhomo la eni.

Ndisanapitirire, mitengo yomwe nditchule pano ndi ya pa sitetimenti yanu komanso ina yongoyerekeza, wina asaitenge n'kumakakangana nayo ku banki yake. Banki iliyonse ili ndi mitengo yake ndipo imasintha, makamaka chigwereni kwacha mu Novembala 2023 zinthu zambiri zakhala zikukwera. Chomwe sichisintha ndi kadulidwe kake, ndipo ndi komweko komwe ndikufuna mukumvetse.

Tiyambe ndi K4,500 ija, poti njosavuta. Pali mzere wa K3,500 wolembedwa Ledger Fee, mabanki ena amalemba Maintenance Fee kapena Service Fee, ndi chinthu chimodzi chomwecho. Imeneyo ndi lendi ya akaunti, basi. Palibe munthu amakhala pansi n'kuganiza kuti lero tiwadule aphunzitsi a ku Ntcheu, kompyuta imangodula yokha pa tsiku lomwe inatcheredwa, kawirikawiri kumapeto kwa mwezi, kaya mwatapa kaya simunatape. Kukula kwa lendiyo kumatengera mtundu wa akaunti yomwe munasainira tsiku lotsegula lija, ndipo yanuyi ndi ya kalenti. Akaunti ya kalenti inapangidwira anthu olemba macheke, ofuna kumatapa kupitirira zomwe ali nazo mogwirizana ndi banki, a bizinesi oika ndi kutapa tsiku ndi tsiku. Inu cheke munalembapo liti? Ndikukayika ngati buku lake muli nalo n'komwe. Nthawi zambiri zimachitika chonchi, munthu wangolembedwa kumene ntchito, akuthamangira kuti salale yoyamba isamuphonye, wa pa desiki akumupatsa fomu, iye n'kusaina posafunsa kuti kodi pali mitundu ingati. K1,000 inayo ndi ya ntchito ya banki ya pa foni pamodzi ndi mameseji okudziwitsani ndalama zikalowa kapena kutuluka. Imeneyo ine sindingakulangizeni kuti muichotse, meseji imeneyo ndi mlonda wanu tsiku lomwe wina wagwira khadi lanu, komanso ndi imene ikupulumutseni ku chaji ina yopusa yomwe ndifikeko posachedwa.

Tsono nkhani yeniyeni ili pa kutapa. Mwezi wathawu munatapa pa makina a ATM ka 7. Katatu munatapa pa makina a banki yanu, K450 ulendo uliwonse, yonse K1,350. Kanayi munatapa pa makina a banki ina, K1,100 ulendo uliwonse, yonse K4,400. Taonani kaye ziwerengero za zomwe munatapazo: K20,000, K15,000, K10,000, kenako pa 19 munatapa K5,000. Pa K5,000 imeneyo anakudulani K1,100 yomweyo imene akanakudulani mukanatapa K80,000. Ndiye kuti pa K100 iliyonse yomwe munaitenga tsiku limenelo, K22 inapita ku banki, katapira weniweni koma mwadzibwereketsa nokha ndalama zanu zomwe. Pa sitetimenti yanuyi chaji ya pa makina sikuyang'ana kuchuluka kwa ndalama, ikuwerenga maulendo. Mabanki ena amaika magawo, kuti kuyambira apa kufika apa ndi mwakuti, komabe ngakhale kumeneko wotapa pang'onopang'ono kambirimbiri ndi amene amalipira kwambiri.

Nanga n'chifukwa chani makina a banki ina amadula mowirikiza chonchi? Khadi lanu likalowa m'makina a eni, uthenga sumapita molunjika ku banki yanu. Umadutsa kaye pa National Switch, ambiri amangoti Natswitch, yomwe inayamba kugwira ntchito mu 2015 kuti makina a mabanki a m'Malawi muno azilankhulana. Banki yomwe ili ndi makinawo yakupatsani ndalama zake za m'bokosi, yalipira mlonda, magetsi, jenereta, galimoto yobweretsa ndalama, nde imalipiritsa banki yanu pa ulendo umenewo, ndipo banki yanu imakankhira mtengowo kwa inu n'kuonjezerapo kake. Palibe chachinsinsi, mwadyera pa mbale ya eni. Ndipo si kutapa kokha, ngakhale kungofunsa balansi. Pa sitetimenti yanu pali timizere titatu ta K200, masiku ake ndi 24, 25 ndi 26, tonse tolembedwa Balance Enquiry. Ndikudziwa zomwe zimachitika masiku amenewo, mphekesera yamveka mu sitafu rumu kuti zalowa, munthu n'kuthamangira pa makina apafupi kukasuzumira, n'kupeza kulibe, mawa lakenso chimodzimodzi. K600 yapita kungofunsa kuti kodi zalowa, pomwe mukulipira kale K1,000 kuti foni ikuuzeni yokha zikalowa.

Pali kanthu kena ka pa makina komwe anthu sakazindikira. Makina ambiri amatulutsa mapepala osapitirira 40 pa ulendo umodzi, kakamwa kake kamathera pomwepo. Akakhala kuti awaika ma K5,000, amene anayamba kuyenda mu 2022, mutha kutenga mpaka K200,000 kamodzi ngati malire a khadi lanu akulola. Koma akakhala ndi ma K2,000 okhaokha, ulendo umodzi umathera pa K80,000, nde wofuna K150,000 amalowetsa khadi kawiri n'kulipira kawiri. Mukaona makina akukana ndalama yaikulu n'kukuuzani kuti muchepetse, dziwani kuti mulipira chaji ulendo uliwonse, ndipo ngati pambali pali makina ena a banki yomweyo yesani kaye amenewo, nthawi zina awiri oyandikana amakhala ndi mapepala osiyana.

Tibwere pa za mu foni, pomwe ine ndikuona kuti ndi pamene pakudontha kwambiri ngakhale sitetimenti ya banki ikungoonetsa theka lake. Munakankha ndalama kuchoka ku banki kupita ku nambala yanu ya foni ka 6, K500 ulendo uliwonse, K3,000. Zimenezo ndi zomwe zikuoneka. Koma ndalama ikafika mu Airtel Money kapena Mpamba simathera pomwepo eti, mumaitumiza kwa wina kapena mumakaitapa kwa ejenti, ndipo kumeneko kuli machaji ena omwe ali m'mameseji a mu foni mwanu, a banki sawaona. Ndiye K15,050 ija si zonse zomwe mukuluza pa mwezi, ndi zomwe zagwidwa papepala chabe.

Titenge ulendo umodzi tiuone bwinobwino. Pa 28 munakankha K31,500, ndipo ndikuganiza kuti inali ya kumudzi, K30,000 ya mayi kuphatikizapo yotapira. Ndalama imeneyi yadutsa zipata zitatu. Chipata choyamba, kuchoka ku banki kulowa mu foni yanu, K500. Chachiwiri, kuchoka mu foni yanu kupita mu foni ya mayi, tiyerekeze K300, ndipo ngati inu muli pa Airtel iwo ali pa TNM imakhala yokwererapo kawirikawiri poti yadumpha mpanda. Chachitatu, mayi kukatapa kwa ejenti pa tiledingi senta, tiyerekeze K1,200, imene ija amati muikeko ndi yotapira. Zonse pamodzi K2,000 kuti K30,000 ifike m'manja mwa mayi. Chipata chachiwiricho n'chosafunika ngakhale pang'ono. Pa menyu ya banki pomwe mumalemba nambala yanu, mutha kulembapo nambala ya mayi mwachindunji, kaya ndi ya netiweki iti, ndalama n'kuchoka ku banki kugwera mu foni yawo. Anthu ambiri anangozolowera kuti ndiyambe ndadzitumizira ndekha, mwina poopa kulakwitsa nambala, koma musanatsimikize ndi pini werengani nambalayo kawiri, ndipo dzina likatuluka pa sikirini lionetsetseni, basi.

Chipata chachitatu ndiye chodula kuposa zonse, ndipo chifukwa chake n'chomveka, ejenti uja amadya komishoni kuchokera pa chaji yotapira, ndi iye amene wasunga ndalama zenizeni m'kabokosi kake tsiku lonse padzuwa. Machaji a kwa ejenti amayenda m'magawo, ndipo apa pali masamu ofunika kuwadziwa. Tiyerekeze kuti gawo lina likuthera pa K30,000 ndipo lotsatira likuyambira pa K30,001. Wotapa K30,000 ndi wotapa K30,500 asiyana K500 yokha m'manja, koma wachiwiriyo walowa gawo lapamwamba, chaji yake itha kukwera ndi ndalama yofanana ndi K500 yomwe amaifunayo. Pepala la magawo limakhala lomata pa kanyumba ka ejenti aliyense, lijambuleni pa foni mukhale nalo. Mukaliyang'anitsitsa muona kuti gawo likamakwera chaji imakwera inde, koma pa K1,000 iliyonse imatsika. Ndiye kutumiza K30,000 kamodzi kumatchipa kusiyana ndi K10,000 katatu, ngakhale kuti pamalire penipeni nthawi zina kuchotsako K500 kuti mukhale m'gawo lapansi kumapindula. Wina akakuuzani kuti kugawa ndalama pawiri kumatchipa nthawi zonse, muuzeni awerengere papepala, nthawi zambiri ndi bodza.

Ndipo funso lomwe ndimafunsa aliyense ndi ili, ndalama mukuitapayo mukukatani nayo? Ngati ndi mayunitsi a ESCOM, bilu ya madzi, ma bandulo, fizi ya mwana ku sukulu yomwe ili ndi akaunti, palibe chifukwa choisandutsira mapepala kaye. Ndimaona munthu akutapa K20,000 kwa ejenti, walipira yotapira, kenako n'kumupatsanso ejenti yemweyo K10,000 kuti amugulire magetsi. Lipirani kuchokera komwe ndalama ili. Nthawi zina pamakhala kachaji kochepa pa malipiro oterewa, onani pa meseji yotsimikiza, koma sikafika pa mtengo wa kukankha ndi kutapa pamodzi. M'mashopu akuluakulu ndi pothira mafuta pomwe pali kamakina koswaipa khadi, kawirikawiri amene amalipira chaji ndi mwini shopu osati inu, nde shuga, sopo ndi mafuta ophikira a mwezi wonse mutha kugula osakhudza ATM n'komwe. Wa shopu wina amafuna kuonjezera kenakake pamwamba mukati muswaipa, funsani musanapereke khadi.

Watsala mzere umodzi, K1,200 ya pa 27 pomwe munatumiza K60,000 ku akaunti ya banki ina, ndikuganiza ndi lendi. Kutumiza pakati pa mabanki kuli ndi misewu yake. Ndalama ikamayenda mkati mwa banki imodzi, kompyuta imangochotsa apa n'kulemba apo, n'chifukwa chake imatchipa kwambiri ndipo imafika nthawi yomweyo. Ikamapita ku banki ina, pali msewu wachangu wodutsa pa Natswitch, ndalama imafika mphindi zomwezo, pali wina womwe amasonkhanitsa malipiro ambiri n'kuwatumiza pamodzi pa nthawi zoikika, umene umatha kufika madzulo kapena tsiku lantchito lotsatira, ndiye pali RTGS yodutsa ku Reserve Bank imene inapangidwira ndalama zikuluzikulu. Pa foni kapena pa apu misewu imeneyi imaoneka ngati zosankha ziwiri kapena zitatu ndipo mitengo yake simafanana, anthu amangodina yoyamba. Lendi si ngozi, tsiku lake mumalidziwa mwezi usanayambe, nde onani pa mitengo ya banki yanu kuti wotchipa ndi uti pa K60,000, ngati ndi wochedwawo tumizani kutatsala masiku awiri. Komanso afunseni a landilodi ngati alibe akaunti ku banki yanu, anthu ambiri ali ndi maakaunti awiri atatu, amangopereka yomwe yabwera msanga m'mutu. Chomwe musachite ndi kukadzaza fomu pa kauntala kuti akutumizireni, chilichonse chodutsa m'manja mwa munthu wa mu banki chimadula kuposa chomwe mwadina nokha. Chimodzimodzi kutapa pa kauntala ndalama yochepa yoti makina akanakupatsani, mabanki ambiri amaika chaji yokwera dala kuti mizere ichepe mkatimo.

Tsopano tiupange mwezi wanu womwewu mwatsopano, ndalama zomwezo, zofuna zomwezo, akaunti yomweyo osasintha kanthu ku banki. Salale yalowa, foni yalira, simunapite kukasuzumira, K600 yatsala. Tsiku lomwelo kapena mawa lake mwakhala pansi ndi kope n'kulemba zomwe zikufunadi ndalama ya m'manja, zamsika, minibasi, chigayo, makala. Mwatapa kawiri kokha pa makina a banki yanu, kamodzi salale itangolowa, kachiwiri pakati pa mwezi, K900 m'malo mwa K5,750. Mwakankha kawiri m'malo mwa ka 6, kamodzi kwa mayi mwachindunji, kamodzi ku foni yanu ndalama yokwanira tinthu ta mwezi wonse, ndipo poti ndalamazo zakula mwina zalowa gawo lapamwamba, tiike K700 ulendo uliwonse, K1,400 m'malo mwa K3,000. Lendi tiisiye pa K1,200 pomwepo ngati kuti a landilodi akana. Kuphatikiza ndi K4,500 ya pamwezi ija, zonse zakwana K8,000. Mwapulumutsa K7,050 pa mwezi, pa chaka K84,600, osawerengera za kwa ejenti zomwe zatsikanso.

Koma ndisakunamizeni ngati kuti zonse n'zophweka. Kutapa kawiri kumatanthauza kusunga K70,000 kapena K80,000 m'nyumba, ndipo ndalama ya m'nyumba ili ndi machaji akenso, mlamu wabwera ndi vuto, mwana wadwalitsa kwa aneba, inu nomwe mwadutsa pa kanyenya Loweruka. Anthu ena amatapa pang'onopang'ono dala ngati njira yodzimanga manja, ndipo ngati inu muli otero, kulipira K450 kanayi pa makina a banki yanu kuli bwino kusiyana ndi kumaliza salale pa 10. Chomwe ndikukana ine ndi K1,100 ya pa makina a eni ndi ma K5,000 otapa mwadzidzidzi. Chinanso ndi mtunda. Kusiyana kwa makina anu ndi a eni ndi K650, nde ngati kukafika pa makina a banki yanu kukufuna kabaza wa K1,000 kupita K1,000 kubwera, mwaluza, tapani pomwe mulipo koma tapani yokwanira kamodzi. Kapena funsani ngati banki yanu ili ndi ejenti wake pafupi, monga a NBS ali ndi Bank Pafupi, a FDH ali ndi Banki Pakhomo, ena nawonso ali ndi awo m'magolosale, muyerekeze chaji yake ndi ya pa makina a eni.

Za kusintha mtundu wa akaunti, pitani mukafunse, koma mupite ndi mafunso enieni osati kungoti ndikufuna yotchipa. Pakhoma la nthambi iliyonse pamayenera kukhala pepala la mitengo, limalembedwa Tariff Guide, ndipo muli ndi ufulu wolipempha kapena kulijambula. Pa akaunti iliyonse yomwe akuuzeni, kaya ya sevingi, kaya ya apantchito olandirira salale, kaya zopepuka zija zotsegula ndi chiphaso cha unzika chokha, funsani lendi ya pamwezi, chaji yotapa pa makina, ndalama yomwe iyenera kutsalamo nthawi zonse, ndi malire a ndalama zolowa ndi kutuluka. Msampha uli apa, akaunti yopanda lendi nthawi zambiri imabweza pa kutapa, ulendo uliwonse umadula kwambiri. Nde tengani mwezi wanu watsopano uja, kutapa kawiri, kukankha kawiri, kutumiza kamodzi, muuwerengere pa akaunti iliyonse. Tiyerekeze ina ilibe lendi koma kutapa ndi K900, kwa inu otapa kawiri ndi K1,800 poyerekeza ndi K4,400 ya lendi ndi kutapa pa kalenti yanu, mwapindula. Kwa wa geni wotapa ka 15 pa mwezi akaunti yomweyo ingamupweteke. Ndipo ndalama yoyenera kutsalamo ija muisamale, mabanki ena mukatsika pansi pake amadula chindapusa, ena amangoitsekera osakulolani kuitapa.

Ngati muli ndi loni ku banki yomweyi, dziwiranitu kuti kusamutsa salale kupita ku banki ina sikutheka mwachisawawa, amafuna kalata yosonyeza kuti mulibe nawo ngongole ndipo ku ofesi yokonza malipiro anu zimatenga nthawi, mwezi wosinthirawo salale itha kusochera. Kusintha mtundu wa akaunti mkati mwa banki yomweyo ndiye kosavuta, ngakhale nthawi zina nambala ya akaunti imasintha, nde funsani zimenezo poyamba ndipo yakaleyo musaitseke mpaka salale italowa kamodzi mu yatsopano.

Mukatero yakaleyo muitseke ndithu, polemba kalata, osangoisiya. Iyi ndi nkhani yomwe inkandimvetsa chisoni kwambiri ndili pa kauntala. Munthu wasiya akaunti ili ndi K2,000, akuganiza kuti ikhala chigonere, koma kompyuta ija sidziwa kuti mwakwiya, imapitiriza kudula lendi mpaka ziro, ndipo pa maakaunti ena imalowa kunsi kwa ziro kapena kusunga ngongoleyo pambali kudikira. Ndikukumbuka bambo wina wachikulire amene mwana wake anamutumizira ndalama ya feteleza ku akaunti yomwe anaisiya chaka ndi miyezi, atabwera kudzatapa anapeza gawo lalikulu lamezedwa ndi lendi ya miyezi yonseyo. Anavula chipewa n'kukhala pa benchi osalankhula, ine ndilibe chowauza poti papepala zonse zinali m'malamulo omwe anasainira. Chimodzimodzi ngati munalamula banki kuti izidula yokha ndalama ya inshulansi kapena ya SACCO pa tsiku lakuti, salale ikachedwa tsikulo n'kupeza mulibe kanthu, mabanki ambiri amadula chindapusa cha kulephera kwa malipirowo. Kwa inu a m'boma amene tsiku la salale limayendayenda, ikani malipiro oterewa kumayambiriro kwa mwezi wotsatira, pa 3 kapena pa 5, osati pa 25.

Pa funso lanu loti akukuberani kapena ayi, mwezi uno ayi, mzere uliwonse uli ndi chifukwa chake. Koma zolakwika zimachitika ndipo njira yozigwirira ndi yomweyi mwayambayi, kutenga sitetimenti n'kuyika pambali pa Tariff Guide. Yang'anani chaji yomwe yadulidwa kawiri tsiku limodzi pa ulendo umodzi, lendi yomwe yalowa kawiri mwezi umodzi, ndi mtengo wosiyana ndi wa papepala, kungoti kumbukirani kuti msonkho wa boma pa machaji ena umatha kulembedwa pa mzere wakewake, nde musathamangire kuti adula kawiri musanaone ngati kamzere kachiwiriko sikanalembedwe VAT kapena Levy. Pomwe anthu amaluza kwambiri osadziwa ndi pamene makina adula akaunti koma ndalama osatuluka, magetsi athima kapena netiweki yagwa. Ndalama yaikuluyo imabwezedwa, nthawi zina yokha nthawi zina mpaka mutadandaula, koma onetsetsani kuti chaji yake yabwereranso, poti ntchito yomwe munalipirira sinachitike. Dandaulo limapita ku banki yanu, osati kwa eni makina, ndi tsiku, nthawi, malo a makinawo ndi kalisiti ngati kanatuluka. Lembani kalata, musunge kope yodindidwa, mupemphe nambala ya dandaulo lanu. Akakuzungulitsani osakuyankhani, Reserve Bank of Malawi ili ndi mbali yoona madandaulo a makasitomala a mabanki, ndipo choyamba chomwe akakufunseni ndi umboni woti munayamba mwadandaula ku banki yanu.

Kanthu komaliza ka pa sitetimenti yomwe mwanditumizirayi, ndaona ili ndi chidindo cha nthambi, kutanthauza kuti munakaisindikizitsa pa kauntala. Imeneyonso ili ndi chaji yake, kawirikawiri amawerengera pa tsamba, ndipo idzaoneka pa sitetimenti ya mwezi uno, nde musadzadabwe. Mwezi wamawa itengeni pa apu kapena muwapemphe azikutumizirani pa imelo, ndipo munditumizirenso pamodzi ndi mameseji a Airtel Money kapena Mpamba a mwezi womwewo kuti tiwerengere mbali inayo.